Tonse atatu tinasaina, koma K8,640,000 yalowa mu akaunti ya munthu wina

Tiyamike, Lolemba 19:12

Madzulo abwino akuluakulu nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yathunthu. Dzina la kampani sinditchula, mundimvetse. Ndife nthambi ya kuno ku Mzuzu, katundu timasungira ku Luwinga, likulu lili kummwera. Mu ofesi ya zachuma tilimo anayi, ndipo timagwiritsa ntchito sisitimu ya SAP, yakale ija ya FK02 yosinthira zambiri za masapulaya ndi F110 yotulutsira malipiro.

Lolemba lapitali kunafika bambo wina amene malole ake amatinyamulira mpunga kuchokera ku Karonga. Analowa atanyowa ndi kamvula kowaza ka kuno, invoisi ataikulunga mu jumbo kuti isanyowe. Akuti patha masiku 19 chiwauzireni kuti tawalipira, koma ku banki kulibe kanthu, ndipo madalaivala awo akungowalonda pakhomo. Ndinatsegula sisitimu iwo ali pomwepo. Invoisi ya K9,600,000, titachotsa msonkho inatsala K8,640,000, ndipo ikuonetsa kuti inalipidwa. Nambala ya akaunti yomwe ili pa dzina lawo mu sisitimu ndi yawo yeniyeni, anachita kuiwerenga pamtima. Koma nditaitanitsa lipoti la ku banki, ndalamazo zinalowa mu akaunti ina, ku banki inanso.

Chikundipweteka n'chakuti pepala lililonse lili bwinobwino. Oda inalipo, mapepala olandirira katundu alipo, vocha inasainidwa ndi anthu atatu: kalaliki wokonza malipiro, ineyo, ndi a manejala a nthambi. Palibe amene anadumpha ndondomeko. Akulikulu akufuna lipoti pofika Lachisanu lonena zoti zisinthe. Dzenje lili pati? Ndithandizeni, ndagwira njakata.

Mayi Kamanga, 19:20

Pepani achemwali. Amenewo ndi akuba a pa intaneti. Mchimwene wanga ku Chibavi anamuimbira foni kuti ndi a ku banki, iye n'kuwapatsa manambala achinsinsi, mmawa kupeza akaunti ili mbee. Uzani anthu anu onse asinthe mapasiwedi lero lomwe, ndipo asamatsegule maimelo osadziwika.

Yamikani, 19:26

Ine ndikuona kuti masiginecha atatu akuchepa pa ndalama ngati imeneyo. Kwathu chilichonse choposa K5,000,000 chimapita kwa mkulu wa zachuma kulikulu, asanadine iye sichituluka. Ikani malire otero mu sisitimu, nkhani yatha.

Bambo Mhango, 19:48

A Tiyamike, pepani ndi zimenezi. Musanasinthe chilichonse, mawa mukalowe pa FK04, mukalembe nambala ya sapulayayo. Ikuonetsani zonse zomwe zinasinthidwapo pa dzina lake: chomwe chinasinthidwa, tsiku, ola, ndi dzina lolowera la amene anasintha. Mukatiuze zomwe mukapeze pa masiku ozungulira tsiku lolipiralo.

Ndikufunseninso chimodzi. Pepala lomwe munasaina inu ndi a manejala, linali ndi nambala ya akaunti yolandira, kapena dzina ndi kuchuluka kwa ndalama basi?

A Yamikani, malire amenewo ndi abwino ndipo akhalepo, koma apa sakadathandiza. Mkulu wa kulikuluyo akadaona zomwezo zomwe anaona atatuwa: sapulaya weniweni, ntchito yeniyeni, ndalama zolondola. Akadasaina naye ndi mtima woyera. Siginecha imangotsimikiza zomwe munthu waona. Ngati chabodzacho sichili pa pepala, mukhoza kuika anthu khumi pamzere, onse asaina.

Tiyamike, Lachiwiri 08:35

Bambo Mhango, ndalowa. Manja akunjenjemera polemba pano. Nambala ya akaunti inasinthidwa Lachiwiri nthawi ya 16:52. Lachitatu 09:10 tinakonza mndandanda wa malipiro, 11:30 tinavomereza, fayilo inapita ku banki masana omwewo. Lachinayi 07:41, tisanafike enafe, nambala yakale inabwezeretsedwa. Ndi chifukwa chake ndinkaona nambala yolondola. Kusintha konse kuwiri kuli pa dzina lolowera la kalaliki wathu, yemweyo amene amalowetsa mainvoisi ndi kukonza mndandanda.

Pepala lomwe timasaina lili ndi dzina, nambala ya invoisi ndi ndalama. Akaunti palibe. Zaka zonsezi sindinaganizepo zoti palibe.

Chikundizunguza n'chakuti iyeyo sayenera kukhala ndi FK02. Ntchito yosunga zambiri za masapulaya ndi ya mayi wina.

Chikondi, 09:02

Ine ndili ku mbali ya makompyuta, ndipo ndikhoza kulosera zomwe zinachitika. Mayiyo anapitapo ku tchuthi chachitali? Pemphani a IT anu atsegule SU01 pa dzina la kalalikiyo, aone maudindo omwe anapatsidwa ndi masiku ake. Mwina mupeza zonga izi:

```
Z_AP_INVOICE     01.03.2022   31.12.9999
Z_AP_PAYRUN      01.03.2022   31.12.9999
Z_VENDOR_MAINT   05.02.2024   31.12.9999
```

Mayina a maudindo amasiyana kampani ndi kampani, awa ndangopereka chitsanzo. Koma yang'anani tsiku la kumapetolo. Popereka udindo, ngati wa IT sanalembe tsiku lothera, sisitimu imaika 31.12.9999 yokha. Munthu mumamubwereka kiyi wa miyezi itatu, sisitimu n'kumupatsa wa moyo wake wonse.

Tiyamike, 09:40

Ndi momwemo ndithu achimwene. Mayiyo anapita ku tchuthi cha uchembere. Imelo yopempha kuti mnyamatayo agwirizire ntchito yawo ndinalemba ndine, a manejala anavomereza. Mayiyo atabwerera palibe amene analemba imelo yachiwiri yoti udindo uchotsedwe.

Bambo Mhango, 10:25

Ndiye dzenje mwalipeza. Ndikhalepo pang'ono chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa.

Kuti ndalama ituluke mu kampani kupita kwa sapulaya, pamafunika zinthu zinayi. Wina anene kuti munthuyu alipo ndipo akaunti yake ndi iyi. Wina anene kuti tili naye ngongole yakuti. Wina akonze malipiro. Wina avomereze kuti zipite. Makampani ambiri maso onse amawaika pa chachinayicho, chifukwa ndi pomwe pali mabwana ndi masiginecha. Choyambacho amachiona ngati ntchito yotayipa chabe, yopatsa aliyense amene ali ndi mpata. Chonsecho ndi chimene chimanena komwe ndalama ikagwere. Wovomereza amavomereza kuti bambo wa malole alipidwe K8,640,000, koma amene amauza sisitimu kuti bambo wa malole ndi akaunti iti, ndi wosunga zambiri za masapulaya.

Tsono onani zomwe kalaliki wanu anali nazo m'manja. Monga wolowetsa mainvoisi, ankadziwa invoisi yaikulu yomwe yakhwima. Monga wokonza mndandanda, ankadziwa tsiku ndi ola lomwe malipiro ayende, komanso kuti pepala losainalo lilibe maakaunti. Monga wosunga zambiri za masapulaya, akanatha kusintha nambala madzulo n'kuibweza mmamawa. Udindo uliwonse paokha ulibe vuto. Odita akabwera n'kuwerenga zomwe zili mu udindo umodziumodzi, anena kuti zili bwino. Vuto limaoneka mukayang'ana munthu, n'kuphatikiza zonse zomwe wanyamula chilowereni ntchito. Anthu amasamutsidwa, amakwezedwa, amagwirizira anzawo opita kumaliro kapena kutchuthi, ndipo paliponse amatolapo kiyi. Wowalanda makiyi akale ndiye amasowa.

Mu lipoti lanu la Lachisanu, chiganizo choyamba chikhale ichi: amene angathe kupanga kapena kusintha sapulaya asakhale ndi mphamvu yolowetsa invoisi, yokonza malipiro, kapena yovomereza. Zina zonse zibwere pambuyo pa chimenechi.

Mayi Kamanga, kusintha mapasiwedi sikolakwika, ndipo ndibwererako, koma wakubayu sanathyole chitseko. Analowa ndi kiyi yemwe kampani inapereka yokha.

Chikondi, 10:51

Ndionjezere pa mawu a Bambo Mhango. Mukamachotsa, musangochotsa FK02 n'kupuma. XK02 nayo imafika pa tsamba lomwelo la banki. Ndipo omwe ali pa SAP yatsopano ya S/4HANA, zonsezi zinasamukira ku BP. Pa SUIM mukhoza kufufuza anthu omwe ali ndi mphamvu ziwiri nthawi imodzi, mwachitsanzo FK02 ndi F110, ikutulutsirani mayina.

Koma mankhwala enieni ali kale mu SAP, amangofunika kuyatsa. Pa zokonzera pali malo otchedwa Define Sensitive Fields for Dual Control. Mukalembapo `LFBK-BANKN`, yomwe ndi nambala ya akaunti, munthu akangoisintha, sapulayayo amatsekeka, F110 imamudumpha mpaka munthu wachiwiri atsimikize pa FK08. Ndipo amene wasinthayo sisitimu simulola kudzitsimikizira yekha. Zikadayatsidwa, kusintha kwa 16:52 kuja kukadaimitsa malipiro a Lachitatu. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Mukayatsa zimenezi simudzaberedwanso.

Bambo Mhango, 11:30

A Chikondi, zonse mwanena ndi zoona kupatula chiganizo chomalizacho. Ayatse ndithu, sabata ino. Koma pali mipata yomwe imatsala.

Loko ameneyo amagwira malipiro oyenda pa F110. Munthu amene ali ndi mphamvu yolipira pamanja, monga F-53 kapena kulemba cheke, njira yake ndi ina. Palinso maakaunti aja a masapulaya ogula kamodzi, omwe nambala ya banki imalembedwa pa invoisi pomwepo, osadutsa pa tsamba la sapulaya n'komwe. Kumene ndinkachita odita, ndinkayamba kufunsa kuti mwezi uno pa akaunti yotereyi padutsa ndalama zingati. Ikakhala kuti akaunti ya ogula kamodzi yalipira munthu mmodzimodzi kanayi, pali nkhani.

Koma mpata waukulu ndi munthu wachiwiriyo. Akatsimikiza, atsimikiza poona chiyani? Ndinaonapo ofesi ina komwe mayi wotsimikiza ankatsegula FK09 Lachisanu masana, mndandanda wa masapulaya osinthidwa uli mbwee, n'kumangodina mmodzimmodzi kapu ya tiyi ili kudzanja linalo, chifukwa anzake akumukuwiza kuti malipiro achedwa. Sisitimu inkalemba kuti anthu awiri aona. Zoona zake palibe anaona. Wotsimikiza ayenera kukhala ndi kalata ya sapulaya yopempha kusintha, chikalata cha ku banki chosonyeza dzina la mwini akaunti, ndipo aimbe foni. Foniyo aimbe pa nambala yakale yomwe ili mu fayilo, osati yomwe yalembedwa pa kalata yatsopanoyo, chifukwa wolemba kalata yabodza amaikapo nambala yake. Alembe tsiku, ola ndi amene walankhula naye. Popanda zimenezo mwangoonjezera batani lodina.

Madalitso, 12:14

Ndinagwirapo ntchito ku banki zaka zingapo, ndiye ndinene za mbali imene simunaikhudze. Sisitimu yanu ikamaliza, imatulutsa fayilo ya malipiro. Fayiloyo imakhala kuti isanafike ku banki? Malo ambiri imagwera mu foda, kalaliki n'kuitenga kukaikweza pa tsamba la banki. Ngati ndi fayilo yotseguka ndi Notepad kapena Excel, munthu safunikanso FK02. Amangosintha nambala pa mzere umodzi, ndalama yonse pamodzi osasintha, basi. Mu SAP simupezamo chizindikiro chilichonse.

Osaina a ku banki nawo ambiri amangoona mzere umodzi: malipiro 43, ndalama zonse pamodzi zakuti. Ikafanana ndi ya pa pepala amadina. Tsegulani mndandandawo muone mzere ndi mzere, makamaka ikuluikulu. Ndipo musaganize kuti banki ikuyang'anirani ngati dzina likugwirizana ndi nambala. Pa malipiro a gulu opita ku banki ina, chomwe chimatsogolera ndalama ndi nambala. Funsani banki yanu kuti imayang'ana chiyani, akuyankheni polemba. Afunseninso ngati angalumikize sisitimu yanu ndi yawo kuti fayilo izipita yokha osadutsa m'manja mwa munthu.

A Tiyamike, ngati simunatero kale, banki yanu ilembere banki yolandirayo lero. Masiku apita ambiri, mwayi ndi wochepa, koma dzina la mwini akauntiyo apolisi alifuna.

Tiyamike, 12:40

Zikomo a Madalitso. Banki tinailembera kale ndipo nkhani ili ku polisi, za kumeneko sindinganene zambiri. Za fayilo mwandilasa pamtima. Yathu imagwera mu foda yomwe tonse anayi timatsegula, ndipo woikweza ndi kalaliki yemweyo.

Lusungu, 13:22

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndilankhuleko. Zonsezi ndi za makampani okhala ndi anthu. Ife ndi kabungwe kakang'ono ku Katoto, ku zachuma tilipo awiri, ine ndi mtsikana wondithandiza, kuonjezapo a dayilekitala omwe theka la mwezi amakhala kumidzi ku Mzimba ndi ku Rumphi komwe netiweki imavuta. Sitili pa SAP, tili pa kapulogalamu kakang'ono. Ntchito zinayi zomwe mwatchulazo ndizigawa bwanji kwa anthu awiri? Mtsikanayu akadwala ndimachita zonse ndekha. Ndipo ndinene chilungamo, a dayilekitala akamachoka amandisiyira kachipangizo kawo ka ku banki kotulutsa manambala kaja, kuti malipiro asaime. Kali mu diloo yanga pano ndikulemba.

Yamikani, 13:31

Zimenezo zili paliponse achemwali. Ofesi yaing'ono imayendera kukhulupirirana, palibe kuchitira mwina.

Bambo Mhango, 14:10

A Lusungu, mwachita bwino kunena poyera. Kachipangizoko kabwezeni, ndipo muwauze kuti mukudziteteza nokha. Tsiku lomwe ndalama idzasowe, zolemba za banki zidzati anavomereza ndi a dayilekitala, iwo adzati kanali ndi inu, ndipo simudzakhala ndi poikira phazi ngakhale musanatenge tambala. Pemphani bodi isankhe wosaina wina wokhala mu tauni muno, monga msungichuma wa bodi, woti azivomereza iwo akachoka.

Anthu awiri sangagawane ntchito zinayi, zimenezo ndikuvomera. Ndiye musalimbane ndi zonse. Tulutsani ziwiri zokha m'manja mwa ofesi ya zachuma. Yoyamba, kuonjezera kapena kusintha akaunti ya wolandira, kaya mu pulogalamu yanu kaya pa tsamba la banki, kuzichitika ndi a dayilekitala kapena msungichumayo. Sizichitika kawirikawiri, pa bungwe ngati lanu mwina kawiri katatu pa mwezi, ndiye si mtolo. Yachiwiri, sitetimenti ya banki izifika kwa munthu wina mwachindunji kuchokera ku banki, osati yosindikizidwa ndi inu. Iyeyo azisankha malipiro asanu kapena khumi mwezi uliwonse, aziona akaunti yomwe inalandira n'kufananiza ndi ya mu fayilo ya sapulaya. Kulowetsa invoisi ndi kukonza malipiro mukhoza kuchita nokha, bola musakhale amene mumanena komwe ndalama ipite ndi amene mumaitulutsa.

Dziwani kuti njira yachiwiriyo imagwira wakuba ataba kale, siyimuletsa. Ndi yofooka poyerekeza ndi kugawa maudindo. Koma munthu akadziwa kuti pakutha pa mwezi wina ayang'ana, ambiri dzanja limabwerera.

A Yamikani, kukhulupirirana sindikutsutsa. Koma taganizirani mnyamata wa kwa a Tiyamike. Kaya anaba kaya sanabe, amene anamuika pa malo oti lero aliyense akumuloza chala ndi omwe anamusiyira makiyi atatu.

Tiyamike, 15:05

Mwafika pomwe pakundivuta Bambo. Mnyamatayo akukana kwamtuwagalu. Akuti Lachiwiri limenelo anachoka 16:30 kukatenga mwana kusukulu ku Katawa, ndipo alonda a pageti analembadi choncho m'buku lawo. Akutinso pasiwedi yake anthu atatu amaidziwa, chifukwa kumapeto a mwezi ntchito ikachuluka ena amalowa pa dzina lake kuti amuthandize kulowetsa mainvoisi. Zimenezo ndi zoona, ndinkazidziwa, ndipo sindinaziletse. Ndiye pano tonse mu ofesi tikuyang'anana ndi diso lofiira. Ngakhale pa nkhomaliro aliyense akudya payekha.

Mayi Kamanga, 15:11

Si ndinanena za mapasiwedi ine?

Bambo Mhango, 15:47

Munanenadi mayi, ndipo apa mwalondola, kungoti wakubayo ngwam'nyumba momwemo kapena wodziwana ndi a m'nyumba. Kugawa maudindo konse kumatsamira pa chinthu chimodzi: dzina lolowera limodzi, munthu mmodzi. Anthu akangobwerekana mapasiwedi, zomwe zili pa SU01 zimasanduka zongolemba. Munthu wopanda FK02 pa dzina lake amakhala nayo kudzera pa dzina la mnzake, ndipo FK04 imaloza munthu wolakwika.

Ife akale timakumbukira 2013. Nkhani ya Cashgate itaphulika, ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasololedwa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala. Boma linali ndi sisitimu, IFMIS, ndipo malamulo a kasainidwe analipo. Koma makampani omwe sanagulitse kanthu ankalipidwa, kenako zolembazo n'kufufutidwa mu sisitimu. Taonani kufanana kwake ndi 07:41 yanu ija. Amene ali ndi mphamvu yochita chinthu, akakhalanso ndi mphamvu yofafaniza mapazi ake, woyang'ana pambuyo amapeza pabwalo posesedwa. Mwayi wanu ndi wakuti mbiri ya zosintha sanathe kuifufuta.

Zoti anasintha ndani, si ntchito yanu kugamula, asiyireni ofufuza. Koma pemphani a IT asunge zolemba zosonyeza kompyuta yomwe inalowera pa dzina limenelo 16:52 ndi 07:41, ngati zolembazo zinayatsidwa. Achite lero, zisanafufutike ndi nthawi. Buku la pageti la Lachinayi mmawa nalo likhale pabwino.

Chikondi, 16:20

Zolemba zimenezo ndi za SM20, koma zimakhalapo pokhapokha ngati wina anaziyatsa kale pa SM19. Malo ambiri mumapeza zili zozima.

Ndinenenso za ife a IT, poti palibe watitchula. Amene amagawa maudindo akhoza kudzipatsa udindo uliwonse, kuchita zake, n'kuuchotsa. Ndipo pali mayina ena omwe anatsala ndi `SAP_ALL` kuchokera nthawi yomwe akatswiri ankakhazikitsa sisitimu. Amenewo amachita chilichonse. Wa IT asakhale ndi mphamvu yolowetsa kapena kulipira, ndipo lipoti la maudindo omwe aperekedwa kapena kuchotsedwa mwezi umenewo lizipita kwa munthu wa kunja kwa IT. Ndikunena ndili wa IT ndemwe, chifukwa nanenso sindifuna kudzakhala woyamba kuganiziridwa.

Tiyamike, Lachitatu 18:03

Ndikubwezereni mawu. Tafufuza pa SUIM ndi a IT akulikulu. Mu kampani yonse anthu 7 ali ndi mphamvu yosintha sapulaya pamodzi ndi yokonza kapena kuvomereza malipiro. Mmodzi mwa iwo ndine, kuchokera nthawi yomwe ndinali kalaliki. Sindinkadziwa n'komwe. Awiri anasiya ntchito chaka chatha koma mayina awo akadali otsegula.

Tinatulutsanso masapulaya onse omwe akaunti yawo inasinthidwa m'miyezi 12 yapitayi. Alipo 31. Tinayang'ana mitundu itatu iyi: omwe nambala inasintha n'kubwerera m'masiku ochepa, omwe analipidwa pasanathe sabata chisinthireni, ndi omwe nambala yatsopano ikufanana ndi ya wantchito pa mndandanda wa malipiro a mwezi. Wosintha n'kubwerera wapezeka mmodzi yekha, bambo wa malole uja. Koma 9 alibe kalata iliyonse mu fayilo, anangosinthidwa potsatira uthenga wa pa foni. Mawa tiyamba kuwaimbira mmodzimmodzi.

Mu lipoti ndalemba kuti kusintha masapulaya kuchoke ku nthambi kupite kwa munthu mmodzi kulikulu amene sakhudza malipiro, wotsimikiza akhale wina, udindo wobwereka uzikhala ndi tsiku lothera, pepala losaina lizionetsa akaunti ndi chizindikiro pa aliyense wosinthidwa m'masiku 30, ndipo foda ya fayilo itsekedwe. Ndaonjezanso kuti sapulaya akasintha akaunti, tizidikira masiku atatu a ntchito tisanamulipire.

Yamikani, 18:30

Zinazo ndagwirizana nazo, koma masiku atatuwo ayi. Nyengo yogula mbewu ikafika, wa lole amafuna ndalama ya dizilo tsiku lomwelo, apo ayi mawa akanyamula za kampani ina. Komanso kupititsa zonse kulikulu, mukudziwa mmene amachedwera kuyankha za kuno kumpoto. Munthu wa ku Blantyre adziwa bwanji kuti wa lole wa ku Karonga ndi weniweni? Inu mumamudziwa nkhope. Mapeto ake a manejala adzakakamiza kuti mulipire pamanja, ndiye mwatsegula khomo lomwe Bambo Mhango amanena lija.

Madalitso, 18:44

Pamenepo a Yamikani ali ndi mfundo. Lamulo lolemera kwambiri anthu amalizemba. Ine ndikadati kudikirako kukhale kwa ndalama zazikulu zokha.

Bambo Mhango, 19:15

Za kudziwa nkhope ndikuvomereza, ndiye gawani chonchi: nthambi izisonkhanitsa makalata ndi kuimba foni, likulu lizilowetsa mu sisitimu. Koma woimba foni ku nthambi asakhale wokonza malipiro. Za masiku atatu sindikugonja msanga. Sapulaya weniweni sasintha akaunti mmawa wa tsiku lolandira ndalama kawirikawiri, ndipo akafulumira mukhoza kumulipira ku akaunti yakale yomwe mukuidziwa. Amene amakakamira kuti lero lomwe ku akaunti yatsopano, ndi amene ndimafuna kumudikiritsa. Malire a ndalama nawo ali ndi vuto lake a Madalitso, anthu amaphunzira kuduladula invoisi kuti izikhala pansi pa malirewo.

Lusungu, 19:32

Ine ndalankhula ndi a dayilekitala pa foni. Sanakondwe, akuti ndikuwaonjezera ntchito, koma avomera kuti nkhani ya wosaina wachitatu ikalowe pa msonkhano wa bodi mwezi wamawa. Kachipangizo kaja ndakatsekera mu sefa, kiyi ndapereka kwa msungichuma.

Tiyamike, 20:06

Masiku atatuwo ndiwasiya mu lipoti, koma ndilembamo nkhawa ya a Yamikani kuti akulikulu asankhe okha. A manejala athu nawo sakuwafuna.

Bambo wa malole uja akulikulu avomera kumulipiranso, ndalama ituluka mawa. Ndinamuimbira ndekha pa nambala yomwe ili pa kontilakiti yake yoyamba, anandiwerengera akaunti manambala onse, ine ndikuyang'ana pa sikirini. A Chikondi, funso limodzi lomaliza usiku uno: tikayatsa zotsimikiza za munthu wachiwiri zija, masapulaya 9 opanda makalata aja atsekeka okha, kapena tiwatseke pamanja mpaka titamaliza kuwaimbira?

Chikondi, 20:19

Satsekeka okha achemwali, zimangogwira zosintha zochitika mutayatsa kale. Aikireni loko wa malipiro pamanja, pa Payment block mu tsamba la sapulaya aliyense, ndipo aike ndi munthu wakulikulu, osati wa mu ofesi mwanu. Muchite mndandanda wa mawa usanakonzedwe.